Momwe mungasandutsire masilaidi a matchati kukhala mndandanda wa manambala ndi mfundo zake

Msonkhano ukatha muno mu Chipata, kaya wa zaumoyo kapena wa chitukuko, masilaidi amatumizidwa pa WhatsApp, kenako wina amapemphedwa kuti alembe mwachidule zoti kansala, mfumu kapena mtolankhani wa pa wayilesi awerenge. Ambiri amangokopera manambala akuluakulu n'kuwandandalika. Koma nambala ikachotsedwa pa tchati imasiya kumbuyo zonse zomwe zinkaifotokoza, ndipo woilandira amaigwiritsa ntchito mmene akufunira. N'chifukwa chake nambala iliyonse iyenera kulembedwa pamodzi ndi mfundo imene ikuichirikiza, osati ina yoposa apo.

Yambani ndi kusankha. Werengani masilaidi onse musanalembe kanthu, ndipo pa tchati chilichonse dzifunseni kuti wokonzayo ankafuna anthu amve chiyani. Matchati awiri akamanena chinthu chimodzi, tengani chimodzi. Tsamba limodzi likwane, chifukwa mndandanda wautali palibe amauwerenga mpaka pansi.

Mukasankha, pezani nambala yeniyeni. Ngati siinalembedwe pa tchati, musaiyeze ndi maso. Mu PowerPoint, dinani tchaticho ndi batani la kumanja la mausi n'kusankha Edit Data, ndipo tebulo la manambala lidzatseguka. Ngati tchati chinaikidwa ngati chithunzi chabe, kapena mwalandira PDF, njira imeneyi sigwira. Pamenepo funsani wokonzayo kapena pezani lipoti lomwe anachokerako. Zikakanika, lembani "pafupifupi" kutsogolo kwa nambalayo. Yang'ananinso mzere wa manambala m'mbali mwa tchati: ngati sukuyambira pa 0, kusiyana kochepa kumaoneka kwakukulu, choncho khulupirirani manambala, osati kutalika kwa mizati.

Nambala iliyonse ikhale ndi zinthu zinayi: chimene chinawerengedwa, malo ake, chaka chake ndi gwero lake. Izi zimabisala m'timalemba ta pansi pa tchati kapena mu Notes pansi pa silaidi. Apa m'pamene ntchito yeniyeni yagona, ndipo chitsanzo cha kwathu kuno chionetsa chifukwa chake.

Tiyerekeze kuti silaidi ili ndi mizati iwiri ya boma la Chipata, yochokera ku kalembera wa dziko lonse. Wa 2010 ukuonetsa anthu pafupifupi 456,000, wa 2022 pafupifupi 327,000. Wofulumira adzalemba kuti anthu a ku Chipata achepa ndi 28 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, koma mfundoyo ndi yabodza. Aliyense amene amadutsa mumsika wa Kapata akudziwa kuti anthu sakuchepa. Komanso m'zaka zomwezo anthu a m'Zambia yense anachoka pa 13.1 miliyoni kufika pa 19.6 miliyoni, malinga ndi zotsatira zoyambirira za kalembera wa 2022. Nambala ikamatsutsana chonchi ndi zina zonse, imani kaye mufufuze.

Chinachitika n'chakuti mu 2018 Chipangali ndi Kasenengwa anadulidwa ku Chipata n'kukhala maboma paokha. Choncho Chipata wa 2010 ndi Chipata wa 2022 ndi dzina limodzi koma malo osiyana. Kuti mufananize bwino, phatikizani maboma atatuwo. Zotsatira zoyambirira za 2022 zinapatsa Chipangali anthu pafupifupi 169,000 ndipo Kasenengwa pafupifupi 156,000. Mukawonjezera 327,000 mupeza 652,000. Mu Excel, ikani nambala yakale mu A2, yatsopano mu B2, n'kulemba:

```
=(B2-A2)/A2*100
```

Yankho ndi 43. Anthu achuluka ndi pafupifupi 43 peresenti pamalo omwe silaidi inkaoneka ngati achepa. Pamndandanda wanu mulembe mizere iwiri, chifukwa pali mfundo ziwiri:

Anthu pafupifupi 327,000 (boma la Chipata, malire atsopano, kalembera wa 2022, zotsatira zoyambirira za ZamStats, bungwe la boma loona za ziwerengero). Mfundo: awa ndiwo anthu amene khonsolo ya Chipata ikuwatumikira. Nambalayi siingafananizidwe ndi ya 2010.

Kuchoka pa 456,000 kufika pa 652,000 (Chipata, Chipangali ndi Kasenengwa pamodzi, 2010 ndi 2022). Mfundo: anthu a dera lomwe kale linali boma la Chipata achuluka ndi pafupifupi 43 peresenti m'zaka 12.

Msampha womwewu ulinso pa Lundazi, yemwe chaka chomwecho anabala Lumezi ndi Chasefu. Ulinso pa chigawo chonse cha kum'mawa, poti Chama anapita ku Muchinga mu 2011 n'kubwerera kuno mu 2021. Tchati chilichonse chodutsa zaka zimenezi, funsani ngati Chama ali mkati.

Tsopano kalembedwe ka mfundo. Ikhale chiganizo chathunthu chimene munthu angachivomere kapena kuchikana. "Za kupinimbira kwa ana" ndi mutu chabe, si mfundo. Musakoperenso mutu wa silaidi osauyesa, pakuti mitu yambiri imanena zoposa zomwe tchati chasonyeza. Kafukufuku wa zaumoyo wa ZDHS anapeza kuti ana osakwana zaka zisanu opinimbira m'Zambia anali 40 peresenti mu 2013-14 ndipo 35 peresenti mu 2018. Bungwe likhoza kulemba pamwamba pa tchati chotere kuti ntchito yathu yachepetsa kupinimbira. Manambalawo akungonena kuti kupinimbira kunatsika. Sakunena amene anakutsitsa. Ndiponso ndi a dziko lonse, kotero simungawalembe ngati a Katete kapena Petauke. Ine ndikaona mutu wotere ndimausiya n'kulemba mfundo yochepa imene ndingaiteteze wina akaimirira kufunsa.

Samalani ndi mawu oti peresenti pa chitsanzo chimenechi. Kuchoka pa 40 kufika pa 35 si kutsika ndi 5 peresenti. Ndi kutsika ndi mapointi 5, ndipo mukayika manambalawo m'masamu aja mupeza kuti ndi 12.5 peresenti ya pamene zinayambira. Njira yosasokoneza womvera ndi kutchula zonse ziwiri: mwa ana 100 alionse, opinimbira anali 40, kenako 35. Pa wayilesi, kapena pamaso pa mafumu, izi zimamveka msanga. Ndipo peresenti iliyonse ifunseni kuti ndi ya anthu angati, chifukwa 60 peresenti ya alimi 20 amene anafunsidwa pamsonkhano umodzi ndi anthu 12 okha, ndipo sangayankhulire boma lonse.

Mukamaliza, sanjani mizereyo potengera kulemera kwa mfundo, osati ndondomeko ya masilaidi, koma pa mzere uliwonse lembani nambala ya silaidi yake kuti wokayikira akaone yekha. Kenako yesani mndandandawo. Bisani manambala, werengani mfundo zokha, muone ngati zikumveka komanso ngati palibe ziwiri zotsutsana. Ndiye bisani mfundo, mupatse mnzanu amene sanali pamsonkhanowo manambala okha ndi malo, zaka ndi magwero ake, mumufunse kuti akumvapo chiyani. Akanena zosiyana ndi zomwe mwalemba, bwererani ku tchaticho: kawirikawiri mudzapeza kuti mwasiya chaka kapena malire a boma, kapena mfundo yanu yakula kuposa nambala yake.