Mutu wa mbali imodzi wobwera ndi ziphaliwali

"Mutu umandiwawa mbali imodzi, m'maso muli ziphaliwali, nseru tho! Ndichite chiyani?"

Amayi, zikuoneka ngati mutu waching'alang'ala. Ziphaliwali zikangoyamba, musadikire ululu: imwani parasitamolo mapiritsi 2 a mamiligalamu 500 ndi madzi ambiri, kenako mukagone m'chipinda cha mdima, nsalu yonyowa pamphumi.

Mutu ukaleka, lembani m'kope zimene zinachitika dzulo lake. Kodi munadumpha nsima ya masana? Munagona mochedwa? Munatandala padzuwa la Okutobala ku msika wa Kapata osamwa madzi? Kapena munali pafupi kusamba? Pakatha miyezi 2, choyambitsa chikhoza kuonekera chokha. Mapiritsiwo asakhale a tsiku ndi tsiku, amadzabweretsa mutu winanso.

Koma mutu wadzidzidzi woopsa, wobwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi kapena kufooka mkono, thamangirani ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo.