Musanatuluke pa Blantyre, mvetsani mitundu ya pa rada

Mukaona chithunzi cha rada, chida choonera komwe kukugwa mvula, pa foni musangothawa poti chafiira. Rada imatumiza mafunde a wailesi m'mwamba, akagunda madontho a mvula ena amabwerera, nthawi yomwe atenga ndi imene imauza mtunda. Madontho akuluakulu amabweza zamphamvu kwambiri, ndiye girini nthawi zambiri ndi mvula yowaza chabe, yelo yayamba kulimba, kufiira ndi chimvula, pepo mwina muli matalala. Koma onani kaye sikelo pambali, mitundu imasiyana pa apu iliyonse. Chinanso, phiri ngati Ndirande kapena Soche lingatchinge mafunde, kuseri kwake kuoneka kouma chonsecho ikugwa. Ndipo chiperoni chathu chija, timadontho take ndi tating'ono zedi, rada ikhoza osachiona inu mukunyowa pa Limbe.