Momwe mungapezere zolakwika pa chithunzi cha minga ya nsomba musanadzudzule munthu pafakitale

Pafakitale ina youmba mabuloko ku Chinika muno mu Lusaka ndinapeza chithunzi cha nsomba chitajambulidwa ndi choko pabolodi, mu ofesi ya akapitawo. Kumutu kwa nsombayo analemba kuti "Mabuloko oipa". Kumsana kunachoka minga ikuluikulu isanu ndi umodzi: anthu, makina, kagwiridwe ka ntchito, zipangizo, kayezedwe ndi malo ogwirira ntchito. Pansi pa munga wa anthu panali mawu ozunguliridwa kawiri: "Anyamata a shifiti yamasana ndi osasamala". Akapitawo anali atakonza kale makalata a chenjezo.

Chithunzi chotere anachitchukitsa ndi Kaoru Ishikawa, mphunzitsi wa payunivesite ya Tokyo ku Japan, m'zaka za m'ma 1960. Ntchito ya chithunzichi ndi kusonkhanitsa zonse zimene anthu akuganiza kuti zingayambitse vuto. Umboni mulibemo. Chimene chimandiwawa n'chakuti maganizo akangolembedwa mwaudongo pabolodi, anthu amawatenga ngati chigamulo, ndipo wina ntchito imamuthera. Nazi njira zimene ndimatsata pochifufuza.

Yambani ndi mutu. "Mabuloko oipa" sakuuzani kanthu. Kodi akung'aluka pakati, akuperewera msinkhu, kapena akunyenyeka m'makona? Lililonse mwa mavutowa lili ndi gwero lake, ndiye mukawaphatikiza pamutu umodzi minga yonse imasokonekera. Titafunsa okweza katundu m'malole, mutu unasintha n'kukhala: "Mabuloko a mainchesi 6 akunyenyeka m'makona pokweza, kuyambira mu Okutobala". Onetsetsaninso kuti pamutu sipanalembedwe kale yankho, monga "kuwonongeka kwa mabuloko chifukwa cha ulesi". Mutu wotere wagamula mlandu usanazengedwe.

Kenako werengani munga uliwonse mokweza, kuchokera kunsonga kupita kumutu, mukulumikiza ndi mawu akuti "choncho". Khutu limagwira zimene diso laphonya. "Chikombole chadyeka m'makona, choncho buloko silitsindirika bwino, choncho makona amanyenyeka." Izi zikumveka. Koma pabolodi paja panalinso "makasitomala akubweza katundu". Yesani: makasitomala akubweza katundu, choncho makona amanyenyeka? Ayi. Muvi walozera kolakwika, chifukwa kubweza katundu ndi zotsatira za vutolo. Fufutani. Mukapezanso malo pamene "choncho" akudumpha mtunda wautali, monga kuchoka pa "malipiro ochepa" kukafika pa makona onyenyeka, pemphani amene analemba kuti afotokoze zapakati. Akalephera, munga umenewo udikire kaye.

Chachitatu n'chachidule. Sakani mawu oyamba ndi "kusowa" kapena "kulibe": kusowa maphunziro, kulibe makina atsopano. Nthawi zambiri amenewa ndi mayankho amene wina akuwafuna kale, angovala malaya a chifukwa. Funsani kuti, maphunziro akasowa, munthuyo amachita chiyani ndi manja ake chimene chimaononga buloko? Yankho lake ndilo loyenera kulembedwa, mwachitsanzo "amathira madzi osakanizira mongoyerekeza, osayeza ndi ndowa".

Tsopano funso limene limagwetsa minga yambiri: chinasintha n'chiyani pamene vuto linayamba? Pansi pa makina analemba kuti "makina ndi akale". Zoona, koma mu Juni analinso akale, ndipo mabuloko ankatuluka abwino. Simenti inali ya mtundu womwewo. Matumba a makilogalamu 50 ankasakanizidwa ndi mawilibala a kware dasiti ofanana ndi kale. Chinthu chimene sichinasinthe sichingafotokoze pachokha vuto limene layamba kumene. Musachifufute, chifukwa tibwererako, koma chiikeni chizindikiro.

Anyamata a masana aja ndiwo anali ovuta kuwachotsa pamlandu, chifukwa kaundula ankaonetsadi kuti mabuloko ambiri onyenyeka anaumbidwa pa shifiti yawo. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna: zinthu ziwiri zikamayendera limodzi, amati china chabala chinzake. Ndinafunsa kuti, kupatula anthu, n'chiyani china chimasiyana pakati pa m'mawa ndi masana? Bambo wina wachikulire wothirira mabuloko, amene sanaitanidwe n'komwe pojambula chithunzicho, ananditengera kuseri. "Bwana, taonani," anatero. Shedi inkadzaza ndi mabuloko a m'mawa. A masana ankawayala pabwalo, pasimenti yotentha moti sungaimepo wopanda nsapato. Ndinatola limodzi la dzulo lake, n'kulipaka ndi chala pakona, ndipo linayoyoka ngati chigumu chouma.

Simenti silimba chifukwa chouma. Imalimba pogwirizana ndi madzi, n'chifukwa chake buloko limafunika kukhala lonyowa kwa masiku pafupifupi 7 oyambirira, ndipo mphamvu yake amaiyeza pa masiku 28. Dzuwa ndi mphepo zikamwa madziwo msanga, makona ndiwo amayamba kuvutika popeza ndiwo amauma msanga. Anyamatawo akanasamala chotani, mabuloko awo akanaonongekabe pabwalo paja.

Apa m'pamene chithunzi cha nsomba chimaperewera, ndipo muyenera kudziwa malire ake. Kuyala mabuloko pabwalo kunayamba kale, m'miyezi yozizira, popanda vuto looneka. Kutentha kwa Okutobala nakonso sikunaononge mabuloko a mu shedi. Vuto linabadwa ziwirizi zitakumana. Pachithunzi, "kutentha" kunali pamunga wa malo, "kuyala pabwalo" kukanakhala pamunga wa kagwiridwe ka ntchito, ndipo palibe mzere wosonyeza kuti chimodzi chimafuna chinzake. N'chifukwa chake ndinati zosasintha zija musazifufute. Bwererani kwa chilichonse n'kufunsa ngati chingakhale choopsa chikakumana ndi chinthu chimene chasintha. Mukapeza ziwiri zotere, zilumikizeni ndi choko cha mtundu wina.

Samalaninso ndi chifukwa chimodzi cholembedwa kangapo m'mawu osiyana. "Madzi ochepa", "wothirira amachedwa" ndi "thanki imatha msanga" zinali pa minga itatu, koma nkhani yake ndi imodzi: pampu ya pachitsime imaima magetsi akazima. Gulu likamavota posankha chifukwa chachikulu musanaziphatikize, mavoti amagawanika, ndipo chifukwa chenicheni chimagonja kwa chabodza.

Chomaliza, tulukani mu ofesi mukayese, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha. Pa msakanizo umodzi wa anyamata a masana tengani mabuloko 40. Ikani 20 mu shedi, ena 20 pabwalo monga mwa masiku onse. Tsiku lomwelo chitani chimodzimodzi ndi mabuloko a shifiti ya m'mawa. Alembeni zizindikiro ndi penti, muziwathirira mofanana, ndipo pakatha sabata muwerenge onyenyeka pagulu lililonse. Ngati vuto ndi anthu, mabuloko a masana adzaonongeka kulikonse kumene aikidwa. Ngati vuto ndi malo, a pabwalo adzaonongeka posatengera amene anawaumba. Musasinthe simenti kapena chikombole sabata yomweyo, chifukwa zinthu zikakhala bwino simudzadziwa chimene chathandiza.

Ku Chinika kuja onyenyeka anali a pabwalo, a mashifiti onse awiri. Akapitawo anang'amba makalata aja, n'kugula mpukutu wa pulasitiki yakuda yofunditsira mabuloko atangothiriridwa, ndi ma dilamu awiri osungira madzi a nthawi imene pampu yaima. Pabolodi, mawu onena za anyamata a masana anafufutidwa, ndipo pamunga wa kagwiridwe ka ntchito bambo wothirira uja analembapo yekha kuti "Shedi imadzaza isanakwane 12 koloko".