Kawerengedwe ka Msonkho wa Nyumba Imene Mwini Wake Amakhalamo

Funso: Kodi msonkho wa nyumba imene ndimakhalamo ndingauwerengere bwanji?

Musanayambe, pezani kalata yosonyeza mtengo umene boma linayika pa nyumbayo, mlingo wa msonkho, ndiponso ndalama imene amachotsera nyumba yokhalamo mwini wake.

1. Tengani mtengo wa pakalatayo, osati umene munagulira nyumbayo. Tiyerekeze kuti ndi 200,000.
2. Chotsanipo ndalama yochotseredwayo, mwachitsanzo 50,000, kuti patsale 150,000.
3. Chulukitsani zotsalazo ndi mlingo: pa 1.5 peresenti, msonkho wa pachaka ndi 2,250.

Ambiri amalakwitsa pa sitepe yachiwiri, chifukwa amayamba ndi kuchulukitsa n'kupeza 3,000, kenako n'kumafuna kuchotsa 50,000 pa msonkhowo, pamene phindu lake lenileni ndi 750 yokha. M'madera ambiri sakuchotserani ngati simunalembetse kuti mumakhalamo nokha, ndipo nyumba yochititsa lendi siyenerera.