Tsitsi Likamathothoka: Zoti Mukapemphe Kuti Akuyezeni

Kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si vuto. Koma ngati chipeso chikumadzaza, ndipo tsitsi likupyapyala mutu wonse popanda zigamba, vuto likhoza kukhala m'thupi, osati m'mafuta odzola.

Choyamba, kumbukirani zomwe zinachitika miyezi iwiri kapena itatu tsitsi lisanayambe kuyoyoka, chifukwa limachedwa chotero kuonetsa vuto. Kodi munabereka, munadwala kwambiri, kapena munachepetsa kudya pofuna kuonda? Msambo umabwera wambiri? Zonsezi mukamufotokozere dokotala.

Chachiwiri, pemphani kuti ayeze FBC, yomwe imawerenga maselo a m'magazi, komanso feritini. Apa ndi pomwe ambiri amabwerera panjira. Amauzidwa kuti "magazi ali bwino" atangoyezedwa hemogulobini, yemwe amaonetsa ngati magazi achepa, chonsecho feritini ndi amene amaonetsa ayironi amene thupi lasunga, ndipo ameneyu amayamba kutha magazi asanachepe. Tiyerekeze mayi wa zaka 32 yemwe msambo wake umatenga sabata yathunthu. Hemogulobini wake ndi 12.6, pamwamba pa malire a amayi omwe ndi 12, koma feritini ndi 9. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati feritini wa munthu wamkulu akatsika pa 15 ndiye kuti ayironi waperewera, ndipo madokotala ambiri amayamba kukayikira pa 30. Mayiyu akufunika mapilitsi a ayironi kwa miyezi itatu kapena kuposera, komanso afufuzidwe chifukwa chomwe akutayira magazi ambiri. Ngati mukudwala, ayezenso CRP, yomwe imaonetsa kutupa, pakuti kutupa m'thupi kumakweza feritini n'kubisa vutolo. Bambo, kapena mayi wosiya msambo, akapezeka wopanda ayironi wokwanira, aunikidwe m'mimba ndi m'matumbo kuti mwina akutaya magazi osadziwa.

Chachitatu ndi chithokomiro. Pemphani kuti ayeze TSH, homoni yomwe imalamulira chithokomiro, ndipo ikatuluka yosakhala bwino, ayezenso FT4, homoni yomwe chithokomirocho chimatulutsa. TSH yokwera imasonyeza kuti chithokomiro chafooka: munthu amazizidwa, kunenepa, kudzimbidwa ndi kuuma khungu. Yotsika kwambiri imasonyeza kuti chikugwira ntchito mopyola muyeso, ndipo munthu amaonda, kutuluka thukuta, mtima n'kumathamanga. Ngati mumamwa mapilitsi okulitsa tsitsi okhala ndi vitamini wotchedwa bayotini, asiyeni masiku awiri kapena atatu musanayezetse, chifukwa amasokoneza zotsatira.

Za mapuloteni, omwenso akaperewera tsitsi limathothoka, kuyeza magazi sikuthandiza kwenikweni. Lembani zonse zomwe mwadya kwa masiku atatu, mukaonetse katswiri wa zakudya. Munthu wolemera makilogalamu 60 amafunika pafupifupi magalamu 48 patsiku.

Ndikupemphani ndithu, musayambe kumwa ayironi musanayezetse. Akachuluka m'thupi amawononga chiwindi. Ngati akupatsani ayironi ndi mankhwala a chithokomiro, muziwasiyanitsa ndi maola anayi, apo ayi a chithokomirowo salowa bwino m'thupi. Mukayamba chithandizo, dikirani miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti kuthothoka kuchepe, ndipo mukayezetsenso feritini pakatha miyezi itatu.