Mapilisi olela na mutu kuwawa: zimene kapepala ka mu bokosi ya Microgynon kakamba

Ici ni cigawo ca kapepala kaja kopindapinda kamene kamapezeka mu bokosi ya mapilisi olela, kamene ambili timataya tisanawelenge cifukwa tumalembo ni tung'onotung'ono komanso cizungu cake ni ca madokotala. Ntchito imene ninapatsidwa ni kuika m'Cinyanja mbali yokamba za mutu cabe. Zakuti mwani pilisi imodzi tsiku lililonse pa nthawi imodzimodzi, kutsatila mivi ya pa paketi, izo anesi anakuuzani kale, sinitayilapo nthawi.

Coyamba dziwani mtundu wa mapilisi amene muli nawo, cifukwa cenjezo ili si la onse. Microgynon ali na mahomoni awili, esitilojeni na pulojesitini. Pa paketi imene amapatsa ku kiliniki pamakhala mapilisi 28, 21 a mahomoni ndipo 7 othela aja a bulauni alibe mahomoni, ni a ayiloni woonjezela magazi. Microlut ali na homoni imodzi cabe, pulojesitini, ndiye aja amakonda kupatsa azimai oyamwitsa, onse pa paketi amaoneka cimodzimodzi. Ngati dzina la pa paketi yanu ni lina, sakilani liu lakuti Ethinylestradiol, mukalipeza ndiye kuti muli esitilojeni, ndipo zonse zili pansipa zikukhudzani.

Kapepala kakamba motele: Musamwe mankhwala awa ngati muli na, kapena munakhalapo na, mtundu wa maigileni wochedwa maigileni ya awula. Ngati vuto ili laonekela koyamba pamene mukumwa mankhwala awa, lekani kumwa nthawi yomweyo ndipo onanani na wa zaumoyo. Kuwilikiza kapena kukula kwa maigileni pamene mukumwa mankhwala awa kungakhale cizindikilo coyambilila ca vuto la mitsempha ya magazi ya mu ubongo, ndipo kungakhale cifukwa colekela mankhwala mwamsanga.

Apa ndiye pananivuta, cifukwa ife mutu ni mutu cabe, tikati mutu uniwawa zatha. Koma kapepala kakusiyanitsa mitu itatu ndipo kusiyana kwake ndiye nkhani yonse.

Pali mutu wamba uja womanga monga mwavala duku yothina, mbali zonse ziwili, mumagwila nawo nchito olo movutikila, mukamwa panado na madzi watha. Uyu umabwela kwa azimai ambili miyezi yoyamba ya mapilisi ndipo kambili umacepa wokha pakapita miyezi itatu. Sucititsa kuti muleke mapilisi. Panado, bulufeni kapena asipilini zingathandize, koma ngati ukukulilakulila kapena wayamba kubwela kawilikawili kuposa kale, uzani anesi.

Waciwili ni maigileni, ambili timati mutu wa cing'alang'ala. Nasunga liu la maigileni cifukwa cing'alang'ala ena amachula mutu uliwonse waukulu, olo wa malungo. Uyu kambili umagwila mbali imodzi, umagunda monga mtima wasamukila m'mutu, umabwela na mselu kapena kusanza, kuwala kwa dzuwa na congo ca ana zimakuipilani, mukawelama kapena kukwela masitepe umanyanya, ndipo ungakhale maola 4 mpaka masiku atatu. Munthu amangofuna kugona m'cipinda ca mdima, nsima osaifuna.

Wacitatu ni maigileni ya awula, ndipo liu la awula lilibe mnzake m'Cinyanja, nayesa "kalambulabwalo wa mutu" koma wina angaganize kuti ni kutopa kapena kuyasamula kuja kumene ena amamva dzulo lake, pamene si zimenezo. Awula ni cinthu cimene maso amaona mutu usanayambe. Kamayamba monga kadontho kowala kapena malo amene simuona bwino, mukuyang'ana nkhope ya munthu koma diso lake limodzi kulibe, mukuwelenga meseji pa foni koma malembo ena asowa. Kenako kamakula pang'onopang'ono kupita ca kumbali, m'mphepete mwake muli mizela yokhotakhota monga mano a sowo, yothwanima monga malata atsopano pa dzuwa. Mukatseka maso mumaionabe. Zimatenga mphindi 5 mpaka 60, zikatha mutu ndiye umabwela, ndipo nthawi zina mutu subwela n'komwe. Ena samaona kanthu koma amamva dzanzi loyambila ku zala za dzanja limodzi kukwela mpaka ku milomo, kapena mau amasokonekela kwa kanthawi.

Musasokoneze na tunyenyezi tuja mumaona mukanyamuka mwamsanga pamene munagwada pa mbaula, tumene tumatha m'masekondi ocepa. Komanso kudana na kuwala mutu uli kale mkati si awula. Cosiyanitsa cacikulu ni cakuti awula imayenda, imakula, imatenga mphindi zingapo, ndipo kambili imatsogola.

Cifukwa cake kapepala kakuumilila apa si kuwawa kwa mutu ai. Munthu wa maigileni ya awula ali kale na ciopsezo cokulilapo ca sitoloko, matenda aja a kufa ziwalo mbali imodzi pamene magazi aundana na kutseka mtsempha wa mu ubongo. Esitilojeni nayo imapangitsa magazi kuundana mosavuta, ndiye mukaika viwili pamodzi ciopsezo cimakwela. Kwa mzimai wacitsikana sitoloko si yofala, sinifuna kukuopsezani, koma ni cinthu cimene cikacitika sicibwelela m'mbuyo pamene njila zina zolela zilipo zambili. N'cifukwa cake malangizo a bungwe la WHO amene anesi amatsatila amati wa awula asamwe mapilisi a mahomoni awili pa msinkhu uliwonse, olo ali na zaka 19, olo awula anaiona kamodzi zaka zapitazo.

Kwa maigileni yopanda awula zaka ndizo zimaweluza. Wosakwana zaka 35 angayambe mapilisi ngati palibe vuto lina, koma maigileni ikayamba kapena kukula ali pa mapilisi, kambili amamusintha. Wa zaka 35 kupita m'mwamba sayenela kuyamba, ndipo ikamuyamba ali kale pa mapilisi afunika kuleka. Fodya na bipi zimaonjezela pa mulu womwewo: bipi ya 140/90 kupita m'mwamba ni cifukwa cosakila njila ina, ikafika 160/100 osakhudza n'komwe.

Tiyeni titenge mzimai wa zaka 36 wa ana atatu, wamwa Microgynon zaka zinai popanda vuto. Tsiku lina ali pa sitandi yake ku maliketi akuwelenga cenji, mwadzidzidzi manambala a pa ndalama sakuoneka mbali ya kumanja, kamzela kowala kakugwedezeka, akupukuta maso kuganiza ni utsi wa malasha. Pakapita mphindi 20 maso ayela bwino, kenako mutu wa mbali ya kumanzele, kusanza kawili, wasiyila mnzake katundu wapita kukagona. M'mawa ali bwino ndithu. Ambili apa timati ni dzuwa, ni njala, ni kuganiza maningi, usiku n'kumwanso pilisi monga mwa masiku onse.

Coyenela kucita ni kusamwa pilisi ya usiku umenewo, osayembekeza kuti paketi ithe kapena deti ya pa kadi ifike. Kulekela pakati pa paketi sikuononga thupi, mwina angaone tumagazi pakapita masiku ocepa basi. Koma citetezo ca mimba cimatha, ndiye kondomu kuyambila tsiku lomwelo, ndipo ngati anagona na amuna awo m'masiku 5 apitawo auze anesi mosabisa, cifukwa mbeu ya mwamuna imakhala yamoyo m'thupi mpaka masiku 5 ndipo anesi aone ngati pafunika mapilisi a pangozi. Maigileni siletsa mapilisi a pangozi.

Ku kiliniki musangoti mutu umaniwawa, cifukwa mzela ni utali ndipo mudzacoka na panado cabe. Yambani na maso. Nenani kuti asisita, mutu usanayambe ninaona mizela yowala kwa mphindi zakuti, mbali yakuti, ndipo nimwa mapilisi awa, muwaonetse paketi yeniyeniyo. Pemphani kuti akupimeni bipi. Chulani zaka zanu zenizeni, ngati mumakoka fodya, ngati muli na shuga, ngati amai, atate kapena m'bale wa bele limodzi anadwalapo sitoloko kapena kuundana kwa magazi akali wamng'ono. Chulaninso mankhwala ena onse: a TB ochedwa rifampicin na ena a khunyu monga carbamazepine amafooketsa mapilisi olela, ndipo topiramate, amene madokotala ena amapatsa kuti acepetse maigileni yomweyi, nayenso angacite cimodzimodzi.

Zimene angakupatseni m'malo mwake ni njila zopanda esitilojeni: Microlut, nyeleti ya Depo ya miyezi itatu, tumitengo twa pa mkono monga Jadelle kapena Implanon, kapena lupu ya kopa imene ilibe homoni iliyonse. Kapepala sikakamba izi koma nionjezeko, Microlut ni yankhanza pa nthawi, mukacedwa kupitilila maola atatu mufunika kondomu masiku awili otsatila, ndiye ngati ndimwe oiwalaiwala kambilanani za nyeleti kapena ka pa mkono. Ndipo awula ikayamba kapena kuwilikiza muli pa njila za pulojesitini izi, bwelelaninso, anesi angakusinthileni ku lupu ya kopa.

Pali mutu wina umene azimai ambili amaudandaula, wobwela mukafika pa mapilisi a bulauni, tsiku laciwili kapena lacitatu, pafupifupi mwezi uliwonse. Uyu umabwela cifukwa esitilojeni yatsika mwadzidzidzi m'thupi. Ngati mulibe awula ndipo anesi aona kuti mungapitilize mapilisi, angakuuzeni kudumpha a bulauni na kuyamba paketi ina, koma ici musadzipangile mwekha musanafunsidwe mafunso a maso aja. Kuti mudziwe ngati ni uyu, lembani kumbuyo kwa kope ya mwana kwa miyezi iwili: deti, munali pa pilisi ya nambala cani, mutu unatenga maola angati, munamwa cani. Mukapeza kuti panado kapena bulufeni mukumwa masiku 15 pa mwezi kapena kuposa, muwauzenso, cifukwa mankhwala a mutu akaculuka conco amayamba kubweletsa mutu iwo eni.

Mbali yomaliza niisiya monga ilili mu kapepala. Pitani ku cipatala nthawi yomweyo ngati mwaona: kufooka kapena dzanzi la mwadzidzidzi la nkhope, mkono kapena mwendo, makamaka mbali imodzi, kulephela kulankhula kapena kumva zokamba ena, kusaona kwa mwadzidzidzi, cizungulile na kudzandila, mutu waukulu wa mwadzidzidzi umene simunamvepo, kukomoka. Olo zitatha zokha pakapita mphindi zocepa, pitani ndithu tsiku lomwelo, osati Mande. Mutu wobwela na kutentha thupi kapena khosi louma nawonso si wa mapilisi, uyo kapimitseni malungo na zina, ndipo paketi ya mapilisi muinyamule m'cikwama kuti amene akuoneni adziwe cimene mukumwa.