Imvi zayamba: mmene mungasankhire pakati pozisiya ndi kupaka dayi

Imvi zimabwera timaselo ta pamuzu wa tsitsi tikaleka kupanga utoto wake wakuda. Dayi amangodetsa tsitsi lomwe latuluka kale, pansi pake loyera likumerabe. Ndiye musanagule kabokosi ka dayi kumsika wa pa Kasungu, yambani mwadziwa ngati mudzakwanitse kumabwereza.

Choyamba, onani pamene imvizo zili. Sambitsani tsitsi, musapake mafuta, mukhale pakhonde masana ndi kagalasi. Zikakhala zobalalika mkati mwa mutu, zimabisika zokha ndipo palibe chothamangira. Zikakhala kutsogolo, pamphumi ndi pafupi ndi makutu, mpamene pali ntchito. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho pakatha masabata atatu kapena anayi kamzere koyera kamaonekera pansi pa dayi. Kwa abambo ometa lalifupi ngakhale masabata awiri sakwana, chifukwa ulendo uliwonse kwa wometa mbali yakudayo imagwa pansi.

Chachiwiri, yesani ndi khungu lanu. Mangani duku loyera mudziyang'ane, kenako lakuda bii, kenako la bulawuni woderako. Loyeralo likuimira imvi, enawo akuimira mitundu ya dayi. Muziyang'ana nkhope, osati dukulo. Pakhungu lakuda kwambiri imvi zimawala bwino ndipo nkhope imaoneka yosalala, makamaka tsitsi likametedwa mwaukhondo. Pakhungu loyererako imvi zochepa zosakanikirana ndi zakuda nthawi zina zimaoneka ngati mwatuwa, ndipo apa dayi angathandize. Koma ine dayi wakuda bii, amene pabokosi amalemba nambala 1, sindimulimbikitsa kwa munthu wamkulu. Amaonetsa makwinya ndi mithunzi ya pansi pa maso, ndipo aliyense amadziwira patali kuti mwapaka. Nambala 2 kapena 3, bulawuni woderako, amafewetsa nkhope, komanso imvi zikayamba kumera malire ake saonekera msanga.

Chachitatu, werengerani chaka chonse, osati tsiku limodzi. Titenge mayi wa zaka 48, mphunzitsi, wa khungu loyererako, imvi zili kutsogolo kokha, ndipo amawongola tsitsi ndi lilakisa. Akamapaka dayi masabata anayi alionse, ndiye kuti ka 13 pachaka. Afunse mtengo kusaluni kwake achulukitse ndi 13. Komanso dayi wokhalitsa sayenera kukumana ndi lilakisa tsiku limodzi. Pamafunika kudikira masabata awiri, apo ayi tsitsi limauma n'kumathothoka, kuyambira kutsogolo komwe kuli kale kofooka chifukwa cha kukoka kwa meshi. Mayi ameneyu ndingamuuze kuti asankhe chimodzi: asiye lilakisa azipaka dayi patsitsi lachibadwa, kapena agwiritse ntchito dayi wosakhalitsa, uja amasuluka pang'onopang'ono posamba, ndipo azipaka pomera imvi pokha, osati mutu wonse.

Mukasankha dayi, sitepe iyi musaidumphe ngakhale ukwati uli mawa. Dayi wakuda wambiri ali ndi mankhwala otchedwa PPD, omwe anthu ena thupi lawo limadana nawo. Sakanizani pang'ono, pakani kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono, mudikire maola 48. Pakayabwa, kutupa kapena kutuluka matuza, dayiyo si wanu. Yesani ulendo uliwonse, chifukwa thupi likhoza kuyamba kumukana ngakhale mwamugwiritsa ntchito zaka zambiri. Hena wakuda, utoto wina wopaka m'tsitsi, nayenso nthawi zambiri amathiramo PPD yemweyo. Hena weniweni amasandutsa imvi kukhala zofiirira, sazidetsa. Popaka valani magolovesi, pakani vaselini m'mphepete mwa nkhope, ndipo musapitirire mphindi zolembedwa pabokosi. Nkhope kapena maso zikatupa, kapena mpweya ukamabanika, tsukani msanga muthamangire kuchipatala.

Mukasankha kuzisiya, dziwani kuti nazonso zimafuna chisamaliro. Imvi zimauma msanga ndipo zimatenga mtundu wa chilichonse chozikhudza. Utsi wa nkhuni kukhitchini, utsi wa fodya, fumbi lofiira la mu Seputembala ndi Okutobala, ngakhale madzi a pamjigo wina okhala ndi dzimbiri, zonsezi zimazisandutsa zachikasu. Mangani duku pophika ndi poyenda pa kabaza, sambitsani sabata iliyonse, ndipo pakani mafuta osaonetsa mtundu, monga a kokonati, osati achikasu kapena obiriwira aja. Ngati munkapaka dayi kale, njira yachidule ndi kulekerera miyezi iwiri kapena itatu mutavala duku kapena wigi, kenako kumeta mbali yakudayo.

Imvi musazizule. Sizichuluka chifukwa chozula monga amanenera, koma muzu umawonongeka ndipo pamatha kutsala dazi. Ndipo imvi zikabwera zambiri mwadzidzidzi mudakali wachinyamata, pamodzi ndi kufooka kapena dzanzi m'manja ndi m'mapazi, pitani kuchipatala cha boma cha Kasungu akakuyezeni magazi musanaganize za dayi, chifukwa kuchepa kwa vitamini B12 ndi matenda a chithokomiro zimachititsanso zimenezi.